Mzere Umodzi wa Anthu Awiri

Ndisanafike ine ndi kompyuta yanga, sitolo ya bambo aja amene tonse tinkangowatchula kuti madala inkayenda ndi zinthu ziwiri, kope lakuda lachikuto cholimba ndi mawu a pakamwa pawo. Akanena kuti watsala ndi R300, munthu sankafunsa kawiri, ankangopisa m'thumba. Anali Myao wa ku Mangochi, Msilamu wa ndevu zoyera, ndipo anali atakhala ku Durban kuyambira ine ndisanabadwe. Kasitolo kawo kanali ku Isipingo, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kopanda ndi chikwangwani chomwe. Ankagulitsa zinthu zimene munthu wakwathu amalota kutumiza kumudzi: mabulangete, mapoto, njinga, mawailesi, makina osokera. Ogula ambiri anali amuna ogwira ntchito m'mafakitale a ku Prospecton, ena alonda ndi osamalira maluwa ku Westville. Munthu ankaitanitsa katundu n'kumalipira pang'onopang'ono mwezi ukatha. Wodalirika ankatenga katunduyo asanamalize kulipira, ndipo kwa madala pafupifupi aliyense anali wodalirika.

Ine ndinafika ku Durban mu 1996, kutsatira amuna anga amene ankachita maphunziro. Ndine Mkhristu wa ku Zomba, ndipo masiku amenewo ndinkadzimva kwambiri. Ndinali nditapeza ntchito yotaipa pa kampani ina yonyamula katundu padoko, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira sipuredishiti, pulogalamu ija ya timabokosi imene imawerengera yokha ukaiuza bwino chochita. Nditaidziwa ndinayamba kuona munthu aliyense wogwira kope ndi pensulo ngati wodwala wofunika kumuchiritsa.

Kusitoloko ndinapita koyamba kukagula bulangete la mayi anga. M'takisi ndinkakhala chete ngati wosalankhula, chifukwa ukangotsegula pakamwa Chichewa n'kutuluka, maso onse ankatembenuka ndipo wina ankayamba kung'ung'udza za makwerekwere, dzina lachipongwe limene amatchulira ife alendo. Koma nditalowa m'kasitolo kaja ndinamva amuna atatu akukangana za mtengo wa feteleza ku Namwera, mokweza, mosaopa. Ndinatsala pang'ono kulira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapezako chifukwa chopitira.

Tsiku lina ndinawapeza madala atagwira kope lawo pafupi ndi mphuno. Matenda a shuga anali atayamba kuwadya maso. Anandiuza mavuto awo awiri. Loyamba, mmwenye wa holoselo ku Chatsworth amene ankawapatsa katundu pangongole anali atasiyira bizinesi mwana wake, ndipo mwanayo ankafuna pepala looneka bwino mwezi uliwonse, losonyeza ndalama zimene zili kwa anthu. Lachiwiri linali apolisi. Masiku amenewo ankangotulukira n'kuyamba kufunsa ziphaso, ndipo kope lija linali lodzaza ndi mayina akwathu, ena olembedwa ndi mudzi womwe.

"Kope ili akalitenga, ndagulitsa anthu makumi asanu ndi atatu tsiku limodzi," anatero.

"Abambo, zimenezo n'zazing'ono," ndinayankha. "Ndikupangirani sipuredishiti. Ndipo tisalembemo mayina akumudzi. Aliyense tizimulemba dzina limene lili pachiphaso chake, limene amagwirira ntchito. Wapolisi akaona angoona mayina a Chizulu basi."

Nzeru imeneyo inali yanga, ndipo ndinanyadira nayo sabata yonse. Ambiri mwa amuna aja ankayendera ziphaso zogula, zamayina akonkuno. Zimenezo ndinkazidziwa. Chimene sindinadziwe, ndipo sindinafunse, n'chakuti wogulitsa ziphasoyo sankavutika kufuna dzina latsopano kwa munthu aliyense. Ankatha kugulitsa dzina limodzi kwa anthu awiri kapena atatu, n'kungosintha chithunzi, bola asakagwire ntchito pamalo amodzi.

Kuntchito kwathu ankataya kompyuta yakale ndi pulinta yolira ngati chigayo. Ndinazigula motchipa, amuna anga anazinyamula pagalimoto ya mnzawo, tinaziika kuseri kwa milu ya mabulangete. Ndinakhala Loweruka awiri ndikuimanga sipuredishitiyo, ndipo mpaka lero ndikhoza kuijambula nditatsinzina.

Inali ndi masamba atatu. Tsamba loyamba linali la katundu woitanitsidwa. Mzere uliwonse wogona unali chinthu chimodzi chimene munthu waitanitsa, ndipo m'mizere yoimirira munali tsiku, nambala ya lisiti, dzina, katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, kenako mtengo wonse. Kabokosi komalizako sindinkalembamo ndalama ndi dzanja. Ndinalembamo =E2*F2, kutanthauza kuchuluka kuchulukitsa ndi mtengo, n'kukopera mpaka pansi. Tsamba lachiwiri linali la ndalama zolandiridwa: tsiku, nambala ya lisiti, dzina, ndalama. Tsamba lachitatu ndi limene ndinkalikonda, la zotsala. Dzina lililonse linkalembedwa kamodzi kokha. Pafupi nalo ndinaika lamulo lotchedwa SUMIF, limene limayenda m'tsamba loyamba kufunafuna dzina limenelo, ndipo paliponse pamene lalipeza limatenga mtengo n'kuphatikiza. Kabokosi kotsatira kankachita chimodzimodzi m'tsamba la ndalama zolandiridwa. Komaliza kankangochotsera, =B2-C2, zoitanitsa kuchotsa zolipira, n'kutuluka ngongole ya munthuyo.

Pansi penipeni ndinaikapo mlonda wanga. Ngongole zonse za patsamba lachitatu zikaphatikizidwa zinkayenera kufanana ndi katundu yense wa patsamba loyamba kuchotsa ndalama zonse za patsamba lachiwiri. Zikasiyana ndiye kuti ndaiwala dzina lina kapena ndalilemba molakwika penapake. Ndinawaonetsa madala ndi chala pagalasi, ngakhale iwo ankangoona kuwala.

"Ndiye chikudziwa bwanji kuti uyu ndi uyu?" anafunsa.

"Chimaona dzina, abambo."

"Dzina lokha?"

"Dzina lokha n'lokwanira. Kompyuta sisokoneza ngati mutu wa munthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti agoma.

Ntchito tinaigawana chonchi. M'kati mwa sabata madala ankalemba malisiti m'kabuku ka kaboni, lapamwamba kupatsa wogula, lapansi kutsala. Loweruka ine ndinkabwera kudzalowetsa zonse, kusunga padisiketi, ndi kusindikiza tsamba la zotsala. Pa malisiti ena, pakona, madala ankajambulapo tinthu. Pena kansomba, pena kachipewa, pena kakhasu. Ndinaziona sabata yoyamba yomwe ndipo ndinaseka.

"Abambo, mwayamba sukulu ya mkaka?"

"N'zondikumbutsa ine, mayi," anatero. "Muziikamo m'chinthu chanucho."

"Mulibe malo a nsomba muno," ndinayankha, ndipo amuna amene anali m'sitolomo anaseka nane. Sindinafunse kuti tinthuto tinkawakumbutsa chiyani. Funso limodzi lokha likanakwana, koma ine ndinali wotanganidwa ndi kukhala wanzeru.

Miyezi isanu ndi itatu zinthu zinayenda. Mwana wa mmwenye uja analandira pepala lake n'kunena kuti sharp. Mlonda wanga wa pansi uja ankagwirizana Loweruka lililonse mpaka senti yomaliza. Anthu anayamba kunena kuti kwa madala kuli kompyuta, ndipo ena ankabwera Loweruka dala kuti adzaone dzina lawo pagalasi. Mwezi wa Meyi madala anagonekedwa m'chipatala masabata awiri chifukwa cha shuga, ndipo akazi awo ndiwo ankalemba malisiti. Atatuluka maso anali atafookeratu. Pepala losindikiza sankathanso kuliwerenga, ndiye ndinkawawerengera mayina amene afunsa.

Panali bambo wina wa ku Malindi, wamfupi, woseka ndi mano onse, amene ankagwira ntchito pafakitale ya mapulasitiki ku Prospecton. Ndinamuona kangapo. Nthawi zonse ankapempha kuti amutsegulire katoni ina imene inali pakona, n'kusisita makina osokera anali m'menemo. Ankati ndi a mkazi wake, amene anaphunzira kusoka koma ankabwereka makina kwa anthu. Ankadikira lole imene inkanyamula katundu wa anthu kupita ku Mangochi kumapeto kwa Julaye.

Lachisanu lina lolandira malipiro anamubaya pamalo okwerera takisi. Ena anati anamumva akulankhula Chichewa ndi mnzake, ena anati ankangofuna envulopu yake ya malipiro. Palibe amene anagwidwa. Anamutengera chikwama, ndipo m'chikwamamo ndi mmene ankasunga malisiti ake onse. Mtembo unatuluka kwa apolisi Lachiwiri m'mawa, ndipo abale ake anafuna kuika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo.

Madala anandiimbira foni kuntchito cha m'ma teni. Anandifotokozera mwambo umene sindinkaudziwa. Asanamupempherere munthu, mtembo uli patsogolo pa jeneza, chonyamulira maliro chija, shehe amafunsa anthu onse ngati pali amene malemuyo anali naye ngongole. Amene anamukongoza amanena pomwepo, ndipo amakhululuka kapena wachibale amaimirira n'kuisenza. Amakhulupirira kuti munthu sapuma bwino ngongole yake isanathe. Choncho mawu onenedwa pamenepo si ocheza, amanenedwa pamaso pa Mulungu ndi pa mtembo.

"Ndikufuna nambala yeniyeni, mayi," anatero. "Osawonjezera, osachotsera."

Ndinanama kwa abwana kuti mwana wadwala, ndinakwera sitima mpaka ku Isipingo. Madala anandiuza dzina la pachiphaso la malemuyo, ndinalipeza patsamba lachitatu. Zoitanitsa R3,840. Zolipira R2,200. Zotsala R1,640.

"Zochuluka chonchi?" anafunsa madala. "Ine ndimayesa makina aja anamaliza."

"Mwina anatenga zina muli kuchipatala."

"Mwina. Taonaninso bwino."

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kutsegula tsamba loyamba n'kuwawerengera katundu mmodzimmodzi. Akanangomva wailesi ndi njinga akanandiimitsa. Zikanatenga mphindi ziwiri. Koma galimoto yopita kumanda inali ikuimba hutala panja, ndipo kunena zoona funso lawo linandipsetsa mtima. Ndinayang'ana mlonda wanga wa pansi uja, ndinaona kuti akugwirizana, ndipo ndinatembenuka.

"Abambo, kompyuta sinama. Ngati simukuikhulupirira bwererani ku kope lanu."

Madala anapempha kuti ndiwalembere nambalayo ndi zilembo zazikulu papepala, analipinda n'kuliika m'thumba la mkanjo.

Akazi sitinapite kumanda. Ndinakhala ndi amayi ena m'nyumba ya mchimwene wake wa malemuyo ku Chatsworth, kachipinda kakuseri kwa nyumba ya amwenye, ndipo zimene zinachitika ndinazimva madzulo kwa amuna obwerako. Shehe atafunsa, wina anatchula R20 ya fodya n'kukhululuka. Wina anatchula R50 n'kukhululuka. Kenako madala anaimirira n'kutchula R1,640. Akuti anthu anang'ung'udza, chifukwa malemuyo ankauza aliyense kuti makina a mkazi wake anamaliza kulipira. Madala anati akanakonda kukhululuka koma katunduyo ndi wa holoselo, si wawo. Mchimwene wake wa malemuyo, munthu wosamalira maluwa wolandira ndalama zosakwana n'chakudya chomwe, anaimirira n'kunena kuti ngongoleyo ili pa iye.

Analibe ndalamazo. Mawa lake anabwera kusitolo n'kunena kuti makina aja abwerere, achotsepo R1,500. Zotsala R140 anapereka kuchokera pa chipepeso chimene anthu anasonkha. Loweruka ndinazilowetsa ndekha, ndipo mzere wa dzina lija unasonyeza ziro. Makinawo anagulidwa ndi munthu wina sabata yotsatira. Lole ya Julaye inanyamula mabulangete awiri, chikwama cha zovala za malemuyo, ndi nkhani. Nkhaniyo inali yakuti mwamuna uja ankanamiza mkazi wake, ndalama ankadyera kwina, ndipo anafa ndi ngongole yoti mpaka pa jeneza anthu anachita manyazi.

Loweruka loyamba la Ogasiti ndinakhala pansi ndi kabuku ka malisiti monga mwa nthawi zonse. Lisiti lachisanu ndi chimodzi linali la R200, dzina lomwe lija, tsiku la Lachinayi lapitalo. Munthu amene tinamuika masabata atatu apitawo anali atabwera kudzalipira. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Pakona pake panali kachipewa.

Ndinatsitsa bokosi la mabuku akale a malisiti. Ndinafunafuna lisiti lililonse la dzina limenelo n'kuwagawa pawiri patebulo. Akansomba: makina osokera R1,500, mabulangete awiri R240, ndipo zolipira zinali R300 kasanu, mwezi ndi mwezi osadumpha, ndi R200 ya mabulangete. Akachipewa: wailesi ya kaseti R900, njinga R850, mapoto R350, zolipira R500 yokha. Ngakhale akazi a madala, masabata awiri aja, anajambulapo tinthuto mokhulupirika. Wakansombayo anali malemu uja, pamene wakachipewayo anali mlonda wa ku Westville, munthu wa ku Makanjira, amene anatenga katundu wake kalekale. Nditaona lisiti lake loyamba miyezi yapitayo, dzinalo linali kale patsamba lachitatu, ndiye sindinawonjezere mzere wina. SUMIF inachita chimene ndinaiuza, inapeza dzina n'kuphatikiza. Ndipo mlonda wanga wa pansi uja sakanaona kanthu, chifukwa ndalama zonse zinalipo ndithu, zinangokhala pamutu pa munthu wolakwika.

Madala anali pakhomo akuwothera dzuwa. Sindinawauze. Ndinatseka kompyuta, ndinati mutu ukundipweteka, ndinapita kunyumba.

Ndinakhala nazo masiku asanu ndi awiri, ndipo sindidzikometsera, ndinaganiza zobisa. Zinali zosavuta. Ndikanangosiya mzerewo momwemo, mlonda wa ku Westville uja akanamalipira mpaka nambala kutsika pansi pa ziro, ndipo ndikanapeza bodza lina pa nthawiyo. Madala sankaona, mchimwene uja analibe lisiti, wakufa sakanabwera kudzatsutsa. Amuna anga anati ndikonze mwakachetechete ndipo tipeze ndalama tokha timutumizire mkazi wa malemuyo mosatchula dzina. Ndinawakalipira kuti ndi amantha, chonsecho ankangonena mokweza zimene ine ndinkaganiza.

Loweruka lotsatira ndinayala malisiti aja patebulo n'kuwaitana madala. Ndinawagwiritsa mulu wa kansomba m'dzanja lina, wa kachipewa m'dzanja lina, ndipo ndinawauza kuti m'kompyuta anthu awiriwa ndinawasandutsa munthu mmodzi.

"Simunaike zizindikiro zija?" anafunsa.

"Sindinaike."

"Ndinakuuzani kuti muziika."

"Munandiuza, abambo."

"Ndiye makina aja?"

"Anamaliza kulipira mwezi wa Juni."

Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anangokhala pa katoni ya mapoto, malisiti ali m'manja. Kenako anati, "Eish. Ndinanamizira mtembo."

"Ndine ndinalakwitsa, si inu."

"Pa jeneza paja panaimirira ndani, mayi?"

Ndinawachonderera kuti tikonze mwakachetechete. Ndinati tigule makina ena, timuitane mchimwene uja payekha, nkhani ithere m'sitolo momwemo. Ndinawauza mosabisa kuti anthu akamva kuti kompyuta inalakwitsa, palibe amene adzavomerenso ngongole yake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati mawu aja anawanena pamaso pa anthu, ndiye akawabweza pamaso pa anthu omwewo.

Lachisanu, mapemphero atatha, anaimirira mumzikiti. Akazi awo ndiwo anandiuza zimene ananena, monga anamvera kwa amuna amene analipo. Anati malemu uja sananame, makina analipira onse, ndipo wolakwa ndi iwo amene anatchula nambala asanaitsimikize. Anapempha mchimwene uja kuti awakhululukire, ndipo anapempha aliyense wolemba kalata kumudzi kuti alembemo zimenezi. Dzina langa sanalitchule. Wina atafunsa ngati si mayi wa kompyuta uja, anayankha kuti mayiyo amalemba zimene wapatsidwa.

Ine ndinaikonza sipuredishiti usana umodzi. Ndinapatsa wogula aliyense nambala yakeyake, ndinaika mzere wa nambalayo koyambirira kwa masamba onse atatu, ndipo SUMIF inayamba kufunafuna nambala m'malo mwa dzina. Ndinawonjezera ndi mzere wa chizindikiro, mmene ndinalembamo mawu akuti nsomba, chipewa, khasu. Titayang'ana bwino tinapeza mayina ena atatu amene anali ndi anthu awiriawiri. Tinawalekanitsa onse ndi malisiti. Kuyambira tsiku limenelo sipuredishiti ija sinalakwitsenso ngakhale senti, ndipo palibe amene anaikhulupiriranso.

Zinayamba mwezi womwewo. Munthu ankabwera, ndikumuwerengera ngongole yake, iye n'kupukusa mutu.

"Hayi, sisi. Chinthu chanucho chinanamizira wakufa, ndiye ine wamoyo chingandisiye?"

Ndinkatulutsa malisiti a kaboni, iye n'kunena kuti lina analipira madala ali kuchipatala ndipo silinalembedwe. Ena ankanena zimenezi akukhulupiriradi. Ambiri ankadziwa bwinobwino zimene ankachita, ndipo amenewo sindinawakhululukire mpaka lero. Anthu omwe madala anawasungira malo ogona atangofika, omwe anawaperekeza kuchipatala, ankayang'ana pansi n'kunena kuti yebo madala, tidzaona mwezi wamawa. Kale madala akanangonena kuti watsala ndi zakutizakuti nkhani n'kutha. Tsopano akatsegula pakamwa ankayamba aima kaye, n'kutembenukira kwa ine, ndipo munthuyo ankaona kuti nawonso akukayika. Mlonda wa ku Westville uja atamva kuti R1,400 ikadali pa iye, anasiya kudutsa ku Isipingo.

Madala anagula makina ena ndi ndalama zawo, anabweza R140 ija kwa mchimwene uja, ndipo makinawo anakwera lole ya Okutobala. Ine ndinaperekapo theka, atakana kawiri. Woyendetsa lole atabwerako anati anawasiya kwa mkazi wa malemuyo, kwawo kumene anali atabwerera. Akuti sanatsegule katoniyo. Anangofunsa kuti, miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikumutukwana mwamuna wanga m'manda, ndiye mawu amenewo ndikawabweza kwa ndani?

Mwana wa mmwenye uja anadikira miyezi inayi. Pepala langa la mwezi ndi mwezi linkamuonetsa bwinobwino kuti ngongole sizikutsika, ndipo mu Febuluwale anatumiza galimoto kudzatenga katundu yense wotsala. Sindimuimba mlandu, nayenso ankawerenga zimene ndinamusindikizira. Madala anaganiza zobwerera ku Mangochi, kumene anachokako ali mnyamata ndipo kunalibe nyumba yawo.

Tsiku lomaliza m'sitolo munali mashelefu okhaokha ndi kompyuta ija. Ndinawafunsa ngati ndisindikize mndandanda wa amene sanalipire kuti apite nawo. Anati ayi, pepala lotero lingokhala lolemera m'chikwama. Akazi awo ankasesa. Ndinayamba kuzula mawaya, koma madala anandigwira mkono.

"Musanazimitse. Wa nsomba uja. Tsiku lija ndinangofunsa za makina, sindinafunse zonse. Ngongole yake yeniyeni inali zingati?"

Sindinafunike kuyang'ana pagalasi, koma ndinayang'anabe, ndipo ulendo uno ndinatsegula masamba onse n'kuwawerengera mzere uliwonse, makina, mabulangete, R300 kasanu, R200.

"Inatsala R40, abambo. Ya mabulangete."

Dzanja lawo linali likadali pamkono wanga.

"Fote randi," anatero. "Wa fodya uja anakhululuka twente. Winayo anakhululuka fifite. Ine ndikanangoimirira n'kunena kuti ndakhululuka, n'kukhala pansi."

Anandisiya mkono n'kupapasa khoma kufuna ndodo yawo. Akazi awo anali atasiya kusesa. Ine ndinazimitsa kompyuta.